Zimene ndinapeza kumapeto kwa tepi yachiwiri

Mayi wina anandibweretsera matepi atatu a MiniDV pamodzi ndi DVD yokandikakandika, ndipo anapempha kuti ndiwakonzere vidiyo yaifupi ya ukwati wawo yoti akaonetse ana awo, omwe tsopano ndi akuluakulu. DVD ija ndinaiika pambali, chifukwa zithunzi zake n'zofinyidwa kale, komanso muli zokhazo zimene mkonzi woyamba anasankha. Chilichonse chimene kamera inaona tsiku limenelo chinali m'matepimo.

Ndisanalowetse tepi m'kamera, ndinasuzumira pakawindo kake kuti ndione ngati yachita chuku, chomwe chimaoneka ngati ufa woyera m'mphepete mwa riboni, popeza tepi yotere imadetsa mitu yowerengera ndipo ikhoza kuduka. Onse anali oyera. Kenako ndinakankhira kachotsekera kakumsana kwa tepi iliyonse ku SAVE kuti pasajambulike china pamwamba pake, n'kuizunguza mpaka kumapeto ndi kuibwezanso kuti riboni imasuke.

Kusamutsa kunachitika kudzera pa chingwe cha FireWire, ndipo ntchito imeneyi sithamangitsidwa: tepi ya ola limodzi imatenga ola lathunthu ndipo imadya malo okwana magigabaiti pafupifupi 13. Tepi yoyamba, ya kutchalitchi, inayamba kuonetsa timabokosi ndi mizere yopingasa, chizindikiro chakuti mitu yada, choncho ndinayendetsa tepi yotsukira kwa masekondi khumi n'kuyambiranso.

Tepi yachiwiri inali ya kuholo, ndipo mbali yaikulu inali perekani-perekani: akuchimuna, akuchikazi, anzawo a kuntchito, aliyense kuvina ndi kuponya ndalama m'lichero. Itafika pa mphindi 47, chithunzi chinasanduka chabuluu ndipo pulogalamu yosamutsira inaima yokha ngati kuti yamaliza. Apa m'pamene ambiri amatulutsa tepi. Koma pakawindo panaoneka kuti riboni idakalipo, pamene tepi yotere imakwana mphindi 60. Wojambula akaonera zimene wajambula n'kupitirira pang'ono asanayambenso, pamatsala mpata wopanda kanthu, ndipo kamera ikadutsa mpatawo imayamba kuwerenganso nthawi kuchokera pa ziro. Mapulogalamu ena amaima pomwepo poganiza kuti tepi yatha. Ine sindikhulupirira chithunzi chabuluu, ndimaonera tepi mpaka itagunda yokha kumapeto.

Ndinasiya kamera ikuyenda, ndipo patapita kanthawi nambala zinayambiranso pa 00:00:00:00. Chithunzi chinali chopendekeka, kusonyeza kuti kamera inaikidwa pampando kuseri kwa holo, wojambula osadziwa kuti ikujambula. Panaoneka khoma la njerwa, makreti a zakumwa, ndi bambo wachikulire wovala suti yotuwa, ataima yekha, pepala lopindika lili m'manja. Ankayeserera mawu. Anawerenga mzere woyamba, n'kuima, n'kupukuta magalasi ndi tayi, kenako anayambanso mwa mawu otsika, kuuza mwana wake wamkazi kuti pakhomo pamene anakulira padzakhalabe pake. Zinatenga mphindi zinayi mpaka wina anawaitana.

Ndinabwerera ku tepi yachitatu ndi DVD ija kukafuna pamene mawuwo analankhulidwa, koma sindinapapeze. Woyendetsa mwambo anamveka akupepesa kuti nthawi yatha, ndipo atadula keke anthu anabalalika. Perekani-perekani anadya nthawi ya bambo a mkwatibwi.

M'chigawo cha kuseri kwa holo chija, mawu awo ankamizidwa ndi phokoso la zokuzira mawu za m'holo, choncho ndinadula mawu onse otsika kuposa mahezi 100, kumene kumakhala kugunda kwa ng'oma, n'kukweza pang'ono chigawo chimene mawu a munthu amamvekera bwino. Phokoso lina ndinalisiya dala, chifukwa kusefa kwambiri kumachititsa munthu kumveka ngati akulankhulira m'madzi. Chithunzi sindinachiwongole, popeza kutero kukanadula mutu wawo.

Sindinaike chigawochi m'vidiyo mwa ine ndekha. Munthuyo sankadziwa kuti akujambulidwa, ndipo chinthu chotere mwiniwake ayenera kuchiona kaye payekha, osati kukumana nacho pamaso pa alendo. Ndinawaimbira mayi aja n'kuwauza kuti, "Mayi, pali zina za bambo anu zimene mwina simunazionepo, ndipo ndikupempha kuti mubwere mudzaone musanasankhe chochita." Anandiyankha kuti bambowo anamwalira kalekale, ndipo banja lonse linkangodziwa kuti sanalankhule pa ukwatiwo.

Anaonera atavala zomvera m'makutu, ndipo atamaliza anapempha kuti ndibwezerenso. Kenako anasankha kuti chigawocho chilowe chathunthu keke isanadulidwe, pamalo pamene chinayenera kukhala. Ndinachita momwemo, ndipo ndinawapatsa vidiyo yokonzedwayo pamodzi ndi mafayilo osadula a matepi onse atatu pa zosungira ziwiri, n'kuwalangiza kuti china akasungitse kwa mchimwene wawo.