Makiyi atatu a makamera a m'shopu: zomwe ndaphunzira pa Hik-Connect

Mwini shopu akati "pasiwedi ya makamera", m'mutu mwake mumakhala chinthu chimodzi. Koma pa makina a makamera a kampani ya Hikvision amene tikuphunzirira panopa, zinsinsi zilipo zitatu, ndipo chilichonse chimatsekula khomo lakelake. Pali pasiwedi ya admin ya pa DVR, bokosi lija losunga zojambulidwa. Pali zilembo zotsimikizira, zimene pa sikirini zimalembedwa kuti `Verification Code`. Ndiye pali pasiwedi ya akaunti ya Hik-Connect, pulogalamu ya pafoni yoonera makamera munthu ali kutali. Ungathe kulimbitsa chimodzi mpaka mapeto, koma zinazo ukazilekerera, munthu wina n'kumakuonerabe shopu ali phee kunyumba kwake.

Izi ndinazimvetsa bwino pa ntchito ina imene aphunzitsi athu anatitengako, pa hadiweya ya mayi ena. Makamera analipo kale anayi: wa pakauntala, wa pakhomo, wa kositolo ya simenti ndi wa kuseri. Intaneti imachokera pa rauta ya 4G yokhala ndi simukhadi. Mayiwo amakonda kupita ku Dar es Salaam kukaoda katundu, ndiye ankafuna kuti akakhala kumeneko azitha kuona mmene pakauntala pakuyendera.

Kulumikiza kwenikweniko si nkhani yaitali. Umatenga waya wa netiweki kuchoka pa DVR kukalowetsa pa rauta, n'kutsekula DHCP kuti bokosilo lilandire adiresi lokha. Kenako umapita pa `Platform Access`, imene imapezeka m'gawo la `Network` (malo ake enieni amasinthasintha malinga ndi zaka za makinawo), n'kuchonga `Enable`, n'kulemba zilembo zotsimikizira zija. Ukasunga, umadikira kuti mzere wa `Status` usinthe kuchoka pa `Offline` kufika pa `Online`. Ukakana kusintha, yamba ndi zapafupi: bandulo ya m'rauta ilipo? Timagetsi ta pomwe waya walowa tikuphethira? Zonsezo zikakhala bwino, kawirikawiri vuto limakhala DNS, imene imathandiza bokosi kupeza maadiresi a pa intaneti, ndipo kulemba `8.8.8.8` pa `Preferred DNS Server` kumathetsa nkhani. Ifenso tinachita zomwezo ndipo panatuluka `Online`.

Chotsatira ndi kujambula chizindikiro cha QR ndi pulogalamu ya pafoni kuti bokosi lilowe mu akaunti. Apa mpamene zinaima. Foni ya mayi aja inakana, n'kunena kuti makinawa anawonjezedwa kale ndi akaunti ina.

Aphunzitsi anafunsa kuti, "Mayi, amene anakuikirani makamerawa anakupatsani akaunti?"

"Ayi bambo, anangondisiyira pasiwedi, ndinailemba m'buku la ngongole. Ya pafoniyo anati adzabweranso."

Sanabwerenso, koma bokosi linali lomangidwa ku akaunti yake. Lamulo la Hik-Connect n'lakuti makina amodzi amamangidwa ku akaunti imodzi yokha, ndipo mwini akauntiyo ndi amene ali ndi mphamvu yoonera ndi yogawira ena. Chimene chinandidzidzimutsa n'chakuti kusintha pasiwedi ya admin sikumuchotsa munthu ameneyo. Pulogalamu ya pafoni sidutsira pa admin poonetsa zithunzi. Bokosi limadzilumikiza lokha ku makompyuta a kampani, foni nayo imalumikiza komweko, ndipo chimene chimawakumanitsa ndi akaunti. Choncho mwini shopu atha kusintha pasiwedi ya admin mwezi ndi mwezi, mtima uli m'malo, pamene woika makamera wa chaka chatha akuonabe nthawi imene kabati ya ndalama imatsekulidwa ndi amene amatsala yekha madzulo. Sindikunena kuti munthu uja ankachita zimenezo. Ambiri amamanga ku akaunti yawo chifukwa cha changu basi, pofuna kuonetsa kasitomala kuti zikugwira. Koma mpata wake unalipo.

Njira yosavuta ndi kumuimbira kuti achotse makinawo mu akaunti yake. Nambala yake sinkapezeka, ndiye tinamasula tokha. Foni iyenera kukhala pa waifai ya rauta yomweyo imene DVR yalumikizidwako, ndipo pulogalamu imapereka batani la `Unbind` n'kufunsa pasiwedi ya admin. Zomwezo zimathekanso pa laputopu ndi SADP, pulogalamu ya Hikvision yopezera makina ake pa netiweki. Taonani tanthauzo lake mbali inayo: aliyense amene ali ndi waifai ya m'shopu komanso pasiwedi ya admin angathe kulanda makamera kwa mwini wake. N'chifukwa chake buku la ngongole, limene anyamata onse a m'shopu amalitsekula tsiku lililonse, si malo osungira pasiwedi imeneyi.

Titamasula, tinatsekula akaunti yatsopano pa foni ya mayiwo, ndi imelo yawo, ndipo pasiwedi analemba okha ife titayang'ana kumbali. Aphunzitsi athu pamenepa sanyengerera: akaunti ndi ya mwini shopu, osati ya woika makamera, osatinso ya mwana wa m'nyumba amene "amadziwa za mafoni". Ena onse amalowa kudzera pa `Share Device`. Mchimwene wawo amene amayang'anira shopu iwo akachoka anatsekula akaunti yakeyake, ndipo anagawiridwa makamera awiri okha, wa pakhomo ndi wa kositolo, kuonera pompopompo popanda kubweza zakale. Tsiku limene adzasiyane ntchito, mayiwo adzangochotsa dzina lake pa mndandanda, osasintha china chilichonse.

Tsopano za mapasiwedi enieniwo. Ya admin imene inali m'buku ija inali dzina la shopu ndi chaka chimene inatsekulidwa, zonse ziwiri zolembedwa ndi penti pachikwangwani panja. Makinawo anailandira chifukwa inakwanitsa lamulo lawo: zilembo zoyambira 8 mpaka 16, za mitundu iwiri kapena kuposerapo mwa zilembo zazikulu, zazing'ono, manambala ndi zizindikiro. Kukwanitsa lamulo ndi kulimba n'zosiyana. Amene angayese kulowa mu DVR ya m'shopu nthawi zambiri ndi munthu wodziwa mwini wake, ndipo amayamba ndi dzina la shopu, la mwana woyamba, nambala ya galimoto. Enanso ndi mapulogalamu oyendayenda pa intaneti amene amayesa mapasiwedi odziwika. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalowa m'makamera, ma DVR ndi marauta ochuluka pongoyesa maina ndi mapasiwedi a kufakitale pafupifupi 60, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho makina ogwidwawo anagwiritsidwa ntchito kuukira kampani ya Dyn, imene inkathandiza makompyuta kupeza maadiresi a masamba a pa intaneti, mpaka masamba ngati Twitter ndi Netflix anasiya kutsekuka kwa anthu ambiri ku America. Makina akale a Hikvision nawo ankabwera ndi `admin` ndi `12345`. Atsopano sayamba ntchito mpaka utapanga pasiwedi yako, koma akale aja akadalipo m'mashopu ambiri, makamaka ogula kwa munthu.

Popeza malire ndi zilembo 16, ife timadzaza onsewo. Njira imene tinaphunzitsidwa ndi kutenga mawu awiri kapena atatu osagwirizana, osakhudza moyo wa mwini shopu, n'kuikapo manambala ndi chizindikiro pakati, osati kumapeto kokha. Maonekedwe ake amakhala ngati `Bawo7-nkhwani-Z4`. Imeneyo yapsa kale poti ndailemba pano, musaitenge. Ya akaunti ya Hik-Connect ikhale ina, ndipo isafanane ndi ya imelo, chifukwa munthu akaiwala pasiwedi ya akaunti, nambala yobwezeretsera imapita ku imelo komweko. Amene wagwira imelo wagwira makamera.

Zilembo zotsimikizira ndi zimene anthu amazipeputsa kwambiri, mwina poti pa makina akale zimakhala zosindikizidwa pa kapepala komatidwa pa bokosi, zilembo zazikulu zisanu ndi chimodzi, moti aliyense woima pafupi atha kuzijambula. Pa atsopano umapanga wekha, zilembo ndi manambala kuyambira 6 mpaka 12. Ukatsekula kubisa zithunzi, kumene pa sikirini kumalembedwa `Stream Encryption`, zilembo zimenezi ndi zimene zimamasula kanemayo, ndipo foni iliyonse yatsopano imazifunsa isanaonetse kanthu. Tinazisintha, chifukwa zakale zinali m'manja mwa munthu uja. Tinalembanso imelo ya mayiwo pa malo obwezeretsera pasiwedi ya admin pa DVR, kuti ikadzaiwalika asadzasowe pogwira. Zitatu zonsezi zinalembedwa papepala limodzi lokasungidwa kunyumba, osati m'shopu.

Pali chizolowezi china chimene amisiri akale sanachisiye: kutsekula pa rauta madoko, makomo a manambala olowera pa netiweki, 80, 8000 ndi 554, kuti DVR ifikirike mwachindunji kuchokera kunja. Pa Hik-Connect sizofunika, ndipo pa simukhadi nthawi zambiri sizigwira n'komwe poti makasitomala ambiri a kampani ya mafoni amagawana adiresi imodzi. Pamene zagwira, zimaika bokosi poyera. Mu 2021 panapezeka chibowo m'makamera ambiri a Hikvision, cholembedwa kuti CVE-2021-36260, chimene chinkalola munthu kulamula makina kudzera pa doko la tsamba lake popanda pasiwedi iliyonse. Kampani inatulutsa pulogalamu yokonza, koma imagwira pokhapokha wina waiika. Apa pasiwedi ya zilembo 16 ilibe chothandiza. Ndiye tinathimitsa `UPnP` pa DVR ndi pa rauta kuti madoko asamadzitsekukire okha, tinaona ngati pulogalamu ya m'kati mwa bokosi ili yatsopano, tinasinthanso pasiwedi yolowera mu rauta, imene inali idakali ya kufakitale.

Funso la mayiwo linali la ndalama: "Nanga bandulo izitha bwanji?" Kamera iliyonse imatumiza kanema wa mitundu iwiri, wooneka bwino kwambiri ndi wopepuka. Wopepuka atakhala pa 512 kbps, ola limodzi limadya pafupifupi 230 MB. Wooneka bwino atakhala pa 4 Mbps, ola lomwelo ndi 1.8 GB. Imeneyo ndi kamera imodzi, ndipo deta imatha mbali zonse ziwiri, pa rauta ya kushopu ndi pa foni ya woonera. Tinawaonetsa posinthira pa pulogalamu, kuti tsiku ndi tsiku azionera wopepuka, wooneka bwinoyo azimutsekula akafuna kuzindikira nkhope kapena kuwerenga matumba a simenti amene akukwezedwa. Akapanda kuonera, bokosi limajambulabe pa hadi disiki yake ndipo deta imene imapita ndi yochepa kwambiri.

Poyesa komaliza timathimitsa waifai pa foni n'kuonera ndi deta ya m'foni momwemo, chifukwa kuonera uli pa netiweki ya m'shopu sikutsimikizira kuti zidzaoneka ku Dar es Salaam. Makamera anayi onse anatuluka. Tinakonzanso wotchi ya DVR kukhala pa GMT+2 ndi kutsekula NTP kuti izitenga nthawi yolondola pa intaneti, poti inali itatsalira ndi mphindi zingapo, ndipo kanema wa nthawi yolakwika amavuta kumugwirizanitsa ndi malisiti pakasowa katundu. Chimene tinasiya chosatheka ndi magetsi: akathima, DVR ndi rauta zimathima limodzi, foni n'kungolemba `Offline`, ndipo uli kutali sungasiyanitse kuthima kwa magetsi, kutha kwa bandulo ndi munthu wozula waya dala. Aphunzitsi anawalembera mtengo wa batire yoti inyamule zonse ziwiri, mayiwo anati aganiza akabwerako ku ulendo.