Mbendera inandifikitsa kunyumba kwa a kazembe

Mapu a pafoni ananena motsimikiza kuti ndafika, ndipo mbendera ya dziko limene ndinkafuna kupitako inali kupepezekadi kuseri kwa mpanda. Ndinakonza tayi, n'kupanira m'khwapa envelopu imene munali pasipoti, zithunzi, kalata yondiitana ndi chikalata cha ku banki. Pageti panalibe mzere, moti ndinadzitamandira kuti ndawalawirira onse.

Mlonda anasuzumira pakawindo, ndipo nditamuuza kuti ndabwera kudzafunsira viza, anayang'anitsitsa tayi yanga asanayankhe. "Bambo, pano ndi pamene a kazembe amagona. Kuntchito kwawo ndi kwina." Apa m'pamene ndinaona zovala zoyanikidwa pachingwe ndi galu amene ankandiyang'ana mwachisoni. Mbenderayo siinaname, chifukwa Pangano la ku Vienna la 1961, limene mayiko anagwirizana pa ntchito za akazembe, limalola kuikweza ku ofesi ndi kunyumba kwa kazembe komwe, pomwe amene anaika malowo pamapu anangolembapo dzina la dziko basi.

Ku ofesi yeniyeni ndinafika thukuta lili kamukamu, koma geti linali lokhoma ngakhale kuti ofesi zoyandikana nayo zinali zotsegula. Pachipepala chomata pakhoma panalembedwa kuti linali tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lawo. Maofesi ambiri a akazembe amapuma pa maholide ena a dziko limene alimo, n'kuwonjezapo a kwawo, amene pakalendala ya m'nyumba mwanga palibe. Mndandanda wa masikuwo amaulemba pawebusaiti yawo, ndipo ine ndinauwerenga koyamba ndili chilili padzuwa.

Ndinauza mlonda wachiwiriyu kuti palibe vuto, ndidzalawirira mawa. Iye anapukusa mutu n'kufotokoza mwaulemu kuti kulawirira sikuthandiza, popeza salola munthu amene sanasungitse tsiku ndi ola pa intaneti, ndipo kalata yotsimikizira zimenezo amaionetsa pageti. Anawonjeza kuti nthawi yotsegulira ofesi si nthawi ya gawo la maviza, lomwe limalandira anthu m'mawa wokha. Kenako, ngati wangokumbukira kumene, anati mtundu wa viza umene ndinkafuna saulandirira pamenepo n'komwe: mafomu amaperekedwa ku kampani imene boma lawo linailemba ntchito, komwenso amajambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala, ndipo a kazembe amangogamula.

Ndinamupempha kuti andilembere adiresi ya kampaniyo. Poona kuti alibe polemba, ndinasolola m'envelopu pepala la mndandanda wa zofunika, lomwe ndinalisindikiza ndekha kuchokera pawebusaiti yawo. Mlondayo analitembenuza, n'kubweza cholembera m'thumba, ndipo anandilozera ndi chala m'munsi mwa pepalalo, pamene adiresiyo inalembedwa kale ndi zilembo zikuluzikulu, pamodzi ndi nambala ya foni ndi maola otsegulira.