Sabata ino ku saluni: kudula tsitsi lonyowa kapena louma

Sabata ino anthu a tsitsi la nachulo anachuluka ku saluni, ndiye nkhani inali imodzimodzi, tidule lili lonyowa kapena liume kaye. Ine sindigwira sizasi ndisanakoke katsitsi kamodzi n'kukasiya kuti ndione kabwerera mpaka pati, komanso ndimafunsa kuti kodi tsiku ndi tsiku mumayenda nalo bwanji tsitsili, lopotana momwemu kapena mumaliwongola.

Lolemba kunabwera mayi wina wa tsitsi lopotana mofewa, lija limapanga timizere tozungulira tonenepa ngati chala, ena amati 3b potengera manambala aja anayambitsa Andre Walker ku Amerika. Anati asisi ndiduleni lifike pa phewa. Tsitsi lotere likanyowa madzi amalilemeretsa komanso amamasula kupotana kuja kwa kanthawi, ndiye limaoneka lalitali kuposa mmene lilili. Ndinawayeza, lonyowa linali masentimita 30 koma louma 21. Ndiye taganizani mutadula lonyowa molunjika pa phewa, likauma lithawira m'khosi pafupi ndi chibwano ndipo kasitomala sangakukhululukireni. Ndinawachapa, kupaka kondishona, kuumitsa osapesa, kenako n'kumadula kamzere kamodzikamodzi pamene kakupindikira, ndikuyang'ana pa galasi mmene likugwera. Zimatenga nthawi, pafupifupi maola awiri, koma chomwe ukuona ndi chomwe munthu apite nacho kunyumba. Ndinawauzanso kuti mayi, tsiku lomwe mudzaliwongole ndi ayironi lidzaoneka losalingana kunsongaku, musadzadabwe, talidulira kuti lizikhala lopotana.

Lachitatu ndi lomwe linandigwiritsa ntchito zenizeni. Mtsikana wa ku koleji, tsitsi lamzindo lenileni, 4c, wangomasula kumene meshi ndipo nsonga zake zinali zogawanika ndi timfundo ting'onoting'ono tija. Apa zimatembenuka, tsitsi lathuli madzi akalikhudza limafupika m'malo motalika. Lake ndikalikoka limafika masentimita 20, ndikalisiya limabwerera pa 6 basi. Ukadula lili choncho nsonga zowonongeka zimabisala m'kati mopiringizikamo, sungaone pomwe labwino lathera, ndipo ukalikoka ndi zala lili lonyowa dzanja silikoka mofanana paliponse, mapeto ake mbali ina yaitali ina yaifupi. Ndiye ndinalimasula lili lonyowa ndi kondishona pogwiritsa chipeso cha mano otalikirana kuyambira kunsonga kupita kumizu, kuligawa magawo 8, kupaka mafuta oteteza ku moto kenako kubulowa ndi kutentha kwapakati. Litawongoka nsonga zoipa zinaonekera zokha, zopyapyala moti umaona kuwala kudutsamo ndipo chipeso chimakodwa pomwepo. Ndinachotsa sentimita imodzi ndi theka, malo ena 2. Iye amaopa kuti ndimumaliza, koma tsitsi lofupika chonchi masentimita 2 amenewo likabwerera sakwana ndi imodzi yomwe.

Chomwe ndimamuuza mtsikana amene ndikumuphunzitsa ntchito n'chakuti mutu umodzi sukhala ndi tsitsi la mtundu umodzi. Ena kunkhongo limakhala lofewerapo pomwe paliwombo ndi louma komanso lopotana kwambiri, ndiye ukadula lonyowa mzere umodzi wowongoka, pouma lapamwamba limakwera kwambiri lakunkhongo n'kutsala likulendewera. Kupotanaku kumachokera ku kadzenje komwe tsitsi limamerera, kakakhala kopindika komanso kophwatalala tsitsi limatuluka lopotana, ndiye si chinthu choti sizasi ingasinthe, iwe ungotsatira.

Lachinayi magetsi anazima pafupifupi tsiku lonse, wina wofuna kuyepula ndinamuluka timalukidwe tikulutikulu kuti liwongokere momwemo abwerenso mawa lake, ulusi umagwiranso ntchito yomweyo. Lachisanu kunali wa afulo, ameneyo ndi louma basi, kulitukula ndi chipeso cha afulo mbali zonse n'kumalisema pang'onopang'ono ukubwerera m'mbuyo kuti uone ngati likuzungulira bwino.

Si kuti kudula lonyowa n'kolakwa ayi. Loweruka ndinadula anthu awiri lonyowa, wina wa rilakisa wina wa tsitsi longopindika pang'ono ngati mafunde, chifukwa lawo silibwerera kwambiri ndipo amafuna mzere woyera wa bobu. Wa mafundeyo ndinamusiyira sentimita imodzi yapadera n'kudzamalizitsa litauma. Yemwe amavuta ndi wa rilakisa amene wasiya kuika mankhwala, kumizu lamzindo kunsonga lowongoka, koma ameneyo madzi amathandiza kwambiri, likanyowa mpamene malire a awiriwo amaonekera bwinobwino, lachilengedwe limapotana la mankhwala n'kungolendewera, ndiye umadula pamwamba pang'ono pa malirewo ngati wavomera kulichotsa lonse. Sizasi ya mano ija yochepetsera tsitsi komanso lezala sindizigwiritsa pa tsitsi lopotana, zimasiya nsonga zonyanyuka ndipo pakatha masabata awiri munthu amabwera akudandaula kuti tsitsi langoti yakaa silikugwirananso.