Ngolo Inafika Chimanga Chili Chachiwisi

Pa paketi ya mbewu panalembedwa kuti chimangacho chimakhwima pa masiku 120, ndipo ine, amene masamu sanandivutepo, ndinatenga kalendala n'kuyamba kuwerenga. Ndinabzala pa 20 Novembala, choncho ndinatenga masiku 10 otsala a mweziwo, n'kuwonjezera 31 a Disembala, 31 a Januwale ndi 28 a Febuluwale, onse pamodzi n'kukwana 100, ndipo 20 otsalawo anandifikitsa pa 20 Malichi. Ndinapangana ndi aganyu, ndinabwereka ngolo, ndiponso ndinaitana apongozi anga aamuna kuti adzaone mmene anthu opita kusukulu amalimira.

Tsikulo litakwana tinalowa m'munda ndi matumba, koma chimanga chinatilandira chili chobiriwira, makoko ake atagwira zolimba ngati sichinamve n'komwe za panganolo. Apongozi sanayankhule msanga. Anathyola chimanga chimodzi, anachisenda, anatong'ola njere imodzi n'kuifinya ndi chikhadabo cha kunsi kwake, ndipo timadzi toyera tinandithovukira pa malaya.

"Kodi mkamwini, mvula inagwa tsiku lomwe munabzalalo?"

Ndinayankha kuti ndinabzala m'dothi louma, ndipo mvula yeniyeni inagwa pa 5 Disembala. Iwo anafotokoza, mokweza ndithu kuti aganyu nawonso apindule, kuti mbewu yogona m'dothi louma siwerenga masiku, chifukwa imayamba ntchito ikamwa madzi. Anawerenga ndi zala kuchokera pa 5 Disembala: 26 otsala a mweziwo, 31, 28, ndi 31 a Malichi zinakwana 116, kutanthauza kuti tsiku la 120 linali 4 Epulo.

Ndinapuma pang'ono poganiza kuti milungu iwiri si yambiri, koma anali asanamalize. Anati masiku a pa paketi amanena za kukhwima kwa njere, osati kuuma kwake. Njere yokhwima imakhala ndi kadontho kakuda kunsonga imene imalumikizana ndi chitsononkho, chizindikiro choti yasiya kulandira chakudya kuchokera ku phesi, koma pa nthawiyo imakhala idakali ndi chinyezi cha pafupifupi 30 pa 100 alionse, pamene chimanga chosunga chimafunika kutsika kufika cha m'ma 13. Chikathiridwa m'matumba chisanaume chimatentha n'kuchita nkhungu, n'chifukwa chake pamafunika milungu ina itatu kapena inayi kuti chiume. Anawonjezera kuti nyengo ikazizira chimanga chimachedwa kuposa pamenepo, popeza chimakula potsatira kutentha.

Tinagwirizana zodzayenderanso mundawo pa 25 Epulo, ndipo ndinauza aganyu mwaulemu kuti akhoza kubwerera kwawo. Wamkulu wawo anavula chipewa n'kunena modekha kuti, "Bwana, tamva bwino zonse zimene afotokoza madalawa, koma masiku athu ife amayamba kuwerengedwa pamene tafika m'munda, kaya mvula yagwa kapena ayi."