Mafulemu 12 a chimdani cha nyundo

Mlungu wathawu ndinayenera kungomaliza tintchito totsalira pa gemu yomwe tikupanga, monga kukonza kamera yomwe imalowa m'khoma wosewera akafika pakona, koma Lachitatu linadya masiku ena onse. Nkhani yake ndi ya bosi wa kumapeto kwa chigawo chachitatu, chimdani chonyamula nyundo yaikulu chomwe ndakhala ndikuchiumba kwa nthawi yaitali, ndipo ndikulemba mtima usanatsike.

Chimdanichi chili ndi magawo awiri a nkhondo, ndipo lachiwiri limayamba moyo wake ukatsika kufika theka. Chimamenya m'njira ziwiri zikuluzikulu. Chikamenya pansi kuchokera pamwamba, wosewera ayenera kudumphira kumbali, koma chikasesa mopingasa ayenera kubwerera m'mbuyo, chifukwa wodumphira kumbali amakumana ndi mutu wa nyundo. Gemu yathu imayenda pa mafulemu 60 pa sekondi, ndiye kuti zithunzi 60 zosinthana pa sikirini sekondi iliyonse, ndipo m'gawo loyamba chimdanichi chimatenga mafulemu 36 kunyamula nyundo chisanamenye. Mafulemu amenewo ndiwo chenjezo, ndiye kuti nthawi yomwe wosewera amawerenga thupi la mdani n'kusankha chochita.

Lolemba akuluakulu a polojekiti anaonera oyesa gemu a m'kampani mwathu akugonjetsa chimdanichi osafa n'kamodzi komwe, ndipo anagamula kuti n'chofewa. Sanafunse kuti oyesawo alimbana nacho kangati. Anthu amenewa achiloweza pamtima moti amazinda asanaone n'komwe chimene chikubwera. Mmodzi wa akuluakuluwo analamula wolemba pulogalamu kuti m'gawo lachiwiri aike `PlayRate` pa 1.5, kuti mayendedwe onse a chimdanichi athamange, ndipo ine yemwe ndinachikonza sindinauzidwe kanthu.

Lachitatu tinalandira gulu la osewera atsopano, mwayi womwe umapezeka mwa apo ndi apo chifukwa ndalama zoitanira anthu akunja ndi zomwe zimayamba kudulidwa nthawi zonse. Gawo loyamba analidutsa bwino, akufa ndi kuphunzira monga ziyenera kukhalira. Atalowa lachiwiri zinthu zinasokonekera. Ndinaima kumbuyo kwa mtsikana wina yemwe ankasewera mosamala kwambiri, ndikuyang'ana zala zake. Poyamba ankadikira kuti aone komwe nyundo ikupita, ndipo inkamupeza chala chili m'njira kupita pa batani. Atafa kangapo anasiya kuyang'ana chimdanicho n'kuyamba kudumpha paliponse chikangogwedezeka, mwina apulumuke mwamwayi. Kenaka anaika kontirola pansi n'kunena kuti, "Sindikuona chimene chikundipha." Wosewera akanena kuti wachedwa kapena wachita dyera pofuna kumenyanso kamodzi, nkhondoyo ndi yovuta koma yachilungamo. Akanena kuti sanaone, ndiye kuti tamubera.

Pamsonkhano wa madzulo amenewo mkulu uja anabwera ndi masamu ake. Anati 36 kugawa ndi 1.5 ndi mafulemu 24, omwe ndi mamilisekondi 400, pomwe munthu wamba amatenga pafupifupi mamilisekondi 250 kuti achitepo kanthu pa chimene waona, ndiye vuto lili pati? Ndinawayankha kuti, "Bwana, mwawerenga kuyambira pomwe nyundo yayamba kusuntha, koma wosewera sangasankhe chochita mpaka atadziwa kuti ndi kumenya kuti mwa kuwiri kuja." Pofuna kupulumutsa nthawi ya wopanga animeshoni, kumenya konse kuwiri kumayamba mofanana, chimdanicho chikukokera nyundo kuphewa lamanja, ndipo kumasiyana pa fulemu ya 12. M'gawo loyamba zimenezi zimasiya mafulemu 24 oti munthu aone kusiyanako. Pamenepo tichotsepo mafulemu pafupifupi 4 omwe tinayeza pa makina athu oyesera, otayika pakati pa kudina batani ndi kuoneka kwa zotsatira pa sikirini, atsala 20. Mamilisekondi 250 aja ndi mafulemu 15, choncho pali mpata.

Liwiro likakwera kufika pa 1.5, kusiyanako kumaoneka pa fulemu ya 8 mwa 24, atsala 16, ndipo tikachotsa 4 aja atsala 12, omwe ndi mamilisekondi 200 okha. Kuonjezera apo, nambala ya 250 ija ndi ya munthu amene akudikira chizindikiro chimodzi kuti adine batani limodzi, pomwe wosankha pakati pa zochita ziwiri amatenga nthawi yoposa pamenepo. Oyesa a m'kampani ankapulumuka chifukwa akudziwa ndondomeko yomwe chimdanichi chimatsata posankha kamenyedwe, osati chifukwa choona chenjezo.

Panalinso vuto lina lomwe linandikwiyitsa kwambiri. Moyo wa chimdanichi ukafika theka, chimabangula n'kumenya pansi, ndipo moto umafalikira mozungulira. Ndinakonza zoti poyamba chimukankhire wosewera kutali popanda kumupweteka, kuti aone motowo koyamba ali pabwino, adziwe kukula kwa bwalo lake. Ndi liwiro latsopanoli moto unkayaka wosewera asanadzuke pomwe wagwera. Munthu ankalangidwa pa nthawi yeniyeni imene wachita bwino, ndi chinthu chomwe sanachionepo, ali m'mayendedwe omwe batani lililonse siligwira ntchito.

Sindikutsutsa zoti gawo lachiwiri likhale lolimba. Chimene ndikukana ndi kulimbitsa nkhondo podula chenjezo, pomwe pali malo ena ambiri ofinyira wosewera. Margit, bosi wa mu Elden Ring, gemu ya 2022, amavutitsa anthu pogwira ndodo yake m'mwamba nthawi yaitali kuposa yomwe akuyembekezera, moti wopupuluma amadumpha msanga n'kumenyedwa, komatu zonse zimachitika wosewera akuona. Lachinayi ndinabwezera `PlayRate` pa 1.0 n'kugwira mbali ina. Nthawi yomwe chimdanichi chimakhala chowerama chitamenya, pomwe wosewera amabwezera, ndinaidula kuchoka pa mafulemu 45 kufika pa 28, yokwanira kumenya mopepuka koma osati mwamphamvu. Ndinalumikizanso kusesa kuja kumapeto kwa kumenya pansi, kuti wosewera agwiritse ntchito zonse zomwe anaphunzira m'gawo loyamba motsatizana. Moto woyamba uja tsopano sungayake mpaka wosewera ataimirira ndipo mabatani ake atayambanso kugwira ntchito.

Chomwe chinafunika kwenikweni n'chakuti kumenya kuwiri kuja kusiyane kuyambira pa fulemu yoyamba, kwina nyundo ikwere pamwamba pa mutu, kwina itsike m'chiuno, kuti ngakhale chithunzithunzi cha thupi chabe chiuze munthu chimene chikubwera. Koma wopanga animeshoni wathu, yemwe ndi mmodzi yekha pa zimdani zonse, anamutenga kuti akakonze kanema wotsatsira gemu. Ndinangopempha mnzathu wa zamaphokoso kuti aike kulira kwa unyolo pa fulemu yoyamba ya kusesa kokha, ndipo nyundo iziwala pang'ono ikamapita kukamenya pansi. Ndi chigamba chabe, chifukwa wosewera amene wazimitsa mawu kapena wosamva bwino watsala ndi kuwalako basi.

Lachisanu anzathu angapo a ku ofesi ya zamalonda, omwe anali asanaonepo chimdanichi, anachiyesa. Anafa kambirimbiri, koma ankatukwana zala zawo n'kuyambiranso okha popanda wowauza. Mkulu uja anavomereza kusinthaku n'kuuza msonkhano kuti tapeza yankho limodzi ngati gulu. Kamera ija ikulowabe m'khoma, ndipo madzulo omwewo nditatsegula mafayilo a bosi wa chigawo chachinayi ndinapeza kuti nayenso anamuika pa 1.5.