Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tsiku limene sikelo yachitatu inasowa mwini

M'gawo lapita ndinalekezera pamene anandikweza kukhala woyang'anira makalaliki a pa sikelo, pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Lero ndikufuna ndinene za tsiku lina la mu February, ndisanathe ngakhale miyezi iwiri pa mpandowo.

Amene munakulira kumeneku mukudziwa kuti nyengo ya mvula tiyi amaphuka msanga, ndipo othyola amabwera ndi madengu odzaza mpaka pakamwa. Pa shedi yathu panali masikelo atatu opachika, makalaliki atatu, ndi magulu atatu a anthu 60. Gulu lililonse linali ndi kapitawo wake, mzere wake ndi buku lake. Kalaliki amayang'ana ngati m'dengu mulibe masamba okhwima, amapachika dengu, amawerenga, amachotsa kulemera kwa dengu lopanda kanthu, kenako amalemba makilo pa nambala ya munthuyo. Zonsezi zinkatenga pafupifupi mphindi imodzi pa munthu mmodzi. Tikayamba 11 koloko, pofika 12 koloko tinkakhala tamaliza, ndipo thirakitala inkanyamuka 12:15 kupita ku fakitale. Sinkadikira munthu. Masamba akaunjikana nthawi yaitali amatentha okha, amayamba kufiira, ndipo ku fakitale amafunsa kuti achokera pa shedi ya ndani.

Tsiku limenelo, cha m'ma 11:20, ndinamva phokoso ku mzere wachitatu. Nditathamangirako ndinapeza kalaliki wake atakhala pansi, atatsamira mzati, akunjenjemera ngakhale kunja kunali kotentha. Bolopeni ili m'matope. Anali atandiuza m'mawa kuti mutu ukuwaza, ine n'kungoti, “Limbani achimwene, mukagona madzulo.” Mawu amenewo amandiwawabe. Ku kiliniki anakamupeza ndi malungo.

Nditatuma anyamata awiri kuti amuperekeze pa njinga, mtima unkandiuza kuti ndingokhala pa sikeloyo ndekha. Ndinali nditagwira kale dengu pamene kalaliki wa sikelo yoyamba, bambo wachikulire amene tonse tinkangowatchula kuti Madala, anandiitana.

“Mwana wanga, mukakhala pamenepo, asainire mabuku athu ndani?”

Ananena zoona. Lamulo lathu linali lakuti wolemba makilo asakhale yemweyo wotsimikiza makilowo. Kapitawonso sankaloledwa kulemba anthu a gulu lake. Komanso ndikanaweramira pa sikelo, sipakanakhala woyang'ana mizere yonse, ngolo ndi wotchi.

Choyamba ndinatola buku la wodwalayo, n'kujambula mzere pansi pa tsamba, n'kulemba nthawi ndi kusaina, komanso kuika kachizindikiro pa nambala iliyonse imene inali ndi makilo kale. Ndinachita zimenezi kuti pasadzakhale mkangano wakuti dzanja ili ndi la ndani. Kenako ndinawerenga mitu. Mzere uliwonse unali ndi anthu pafupifupi 40, onse pamodzi 120. Pa masikelo awiri ndiye kuti 60 aliyense, ola lathunthu, ndipo nthawi inali itakwana kale 11:27. Tikanamaliza thirakitala itapita kalekale.

Apa m'pamene ndinaona kuti chimene chinkadya nthawi si sikelo ayi. Singano imaima m'kanthawi kochepa. Nthawi imathera pofukula masamba ndi popachika madengu, ntchito zimene sizifuna bolopeni. Ndiye ndinauza akapitawo kuti aziyenda m'mizere n'kumayang'aniratu masamba munthu asanafike kutsogolo, aliyense mumzere wa mnzake kuti asakondere ake. Kapitawo wa gulu lachitatu, pamodzi ndi mnyamata mmodzi wa pa ngolo, anayamba kupachika ndi kutsitsa madengu. Makalaliki anatsala ndi kuwerenga ndi kulemba basi. Ndinaima ndi wotchi kwa anthu asanu ndi mmodzi oyamba, ndipo anatha m'mphindi zinayi. Ndiye kuti masekondi 40 pa munthu, mphindi 40 pa anthu 60. Tikanakwanitsa, koma mothina.

Chinandivuta kwambiri chinali buku, chifukwa linali limodzi ndipo silikanakhala pa masikelo awiri. Mwamwayi manambala analembedwa pa masamba awiri, 1 mpaka 30 tsamba loyamba, 31 mpaka 60 lachiwiri. Ndinagawa anthu motsata masambawo, osati motsata pamene anaima. Tsamba loyamba linali ndi otsala 24, ndipo amenewa anapita ndi buku lenilenilo kwa Madala, amene dzanja lawo linali lachangu. Otsala 16 a tsamba lachiwiri ndinawakopera manambala pa pepala lapadera, n'kulisaina, n'kupatsa mtsikana wa sikelo yachiwiri, yemwe anali wachilendo pa ntchito. Kugawa pakati ndendende kukanamulemetsa iyeyo, ndipo kalaliki akapanikizika amalemba makilo pa nambala ya munthu wina.

Anthu a mzere wachitatu anayamba okha kukaima kumbuyo kwa anzawo, akudandaula. Mayi wina amene anali wachiwiri pa mzere wake anadzipeza ali wa nambala 41. Ndinawaletsa. Ndinawaimika m'kamzere kawo pambali pa sikelo iliyonse, monga mmene anaimira poyamba, n'kunena mokweza kuti onse amve: “Awiri a pano, mmodzi mlendo. Awiri a pano, mmodzi mlendo.” Eni mzere anang'ung'udza pang'ono, koma poti aliyense ankatha kuwerenga yekha kuti afika liti, palibe amene anakankha mnzake. Kwa Madala alendo anali ochulukirapo, choncho chakumapeto ndinasintha kuti azilowa mmodzi mmodzi mosinthana.

Dengu lomaliza linatsika 12:12. Ndinapuma, ndikudziona ngati katswiri.

Ndiye panatulukira mayi wina atanyamula dengu lopanda kanthu, mwana kumbuyo. “Bwana, ine makilo anga alembedwa pati?” Nambala yawo inali 17. M'buku munalibe kanthu, pa pepala lapadera munalibenso. Mayiwa ndi amene anali pa sikelo pamene kalaliki uja ankagwa. Dengu lawo linayezedwa, mnyamata wa pa ngolo analikhuthula pa mulu monga mwa nthawi zonse, koma bolopeni inagwa isanafike pa pepala. Ine ndinawerenga anthu amene anali pa mzere ndi amene anali m'buku, osafunsa za munthu amene anali pakati pa ziwirizi. Chikhala kuti ndinaphatikiza olembedwa ndi oimirira, ndikanapeza 59, ndipo ndikanadziwa pomwepo. Pa tsamba loyamba mipata yopanda makilo inali 25, ine n'kutumiza anthu 24.

Masamba awo anali atasakanikirana kale ndi a anzawo. Mayiwo ankati 19, mnyamata wa pa ngolo ankati anamva 16. Sindikanalemba chilichonse mwa ziwirizi popanda umboni, chifukwa mawa lake aliyense akanabwera ndi dengu lopanda kanthu ndi nkhani yake. Ndinalemba nambala yawo m'mphepete mwa tsamba ndi mawu akuti “ayezedwa, sanalembedwe”, kapitawo wawo n'kusaina. Mayiwo anachoka osakhutira, ndipo sindinawaimbe mlandu.

Madzulo nditaweruka ndinapita ku kiliniki ndi buku m'thumba. Ndinamupeza kalaliki uja atagona, thupi litayamba kuzizirako. Ndinachita manyazi kumufunsa za ntchito, koma anayamba ndi iyeyo.

“Akulu, mayi a nambala 17 aja mwawalembera? Zinali 18, nditachotsa kale dengu.”

Ndinalemba 18 ndili pomwepo, buku lili pa bondo, iye n'kusaina pambali ndi dzanja lonjenjemera.