Ndemanga ya pampu yandipezera kasitomala

Foni yalira m'mawa uno ndili padenga ndikumanga mapanelo a sola. Bambo wina wa famu ku Dedza akuti, "Ndinu munalemba za pampu pa LinkedIn paja?" Ndangotsala pang'ono kugwetsa sipanala.

Sabata yatha mkulu wa kampani ina yaulimi anadandaula papositi yake kuti mapampu a sola sakukhalitsa. Pansi pake anthu anangodzaza "zoona bwana", ena mpaka kumata nambala zawo. Inenso kale ndinkatero, ndipo palibe anandiimbirapo. Ulendo uno ndinalemba mizere inayi basi: kuti mapampu ambiri amene ndatsegulapo amakhala atapsa chifukwa choyenda popanda madzi chitsime chikatsika mu Okutobala, kuti chizindikiro chake ndi madzi otuluka modukizadukiza ndi mpweya masana, ndiponso kuti kasensa koimitsa pampu madzi akachepa n'kotchipa kuposa mota yatsopano. Ndinamaliza ndi funso: mapampu anuwo amaikidwa mamita angati pansi pa madzi?

Mkuluyo sanandiyankhe n'komwe, ndipo zinandiwawa pang'ono. Osadziwa kuti bambo a ku Dedzawa ankangowerenga mwakachetechete, osadina ngakhale laiki. Loweruka ndikupita kukayeza chitsime chawo.